Tsiku Lake Linali Lisanakwane

Dzina lawo lenileni linatsala pa laisensi pokha. Mumsewu wawo, kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ngakhale kutchalitchi kumene, aliyense ankawatchula kuti Abuleki, ndipo iwo ankayankha. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Wophunzira akangogwira chiwongolero, galimoto isanasunthe n'komwe, ankayamba kumva mawu kuchokera kumpando wa pambali: "Buleki. Buleki, mayi. Kodi phazi limenelo mwachita kubwereka?"

Galimoto yawo inali yaing'ono, yoyera, yokhala ndi mabuleki awiri, ena a wophunzira ndi ena a mphunzitsi. Chitsulo cha mabuleki a mphunzitsiwo chinali chitasalala ngati supuni yakale. Madalaivala ambiri a m'tauni imeneyo anadutsa m'manja mwawo: oyendetsa mabasi, anamwino, amayi a geni, abusa amene. Onsewo ankawadandaula pophunzira, koma akapeza laisensi ankatumiza ana awo kwa iwo omwewo. Abuleki anali munthu wa malamulo, ndipo sankachita nazo manyazi. Indiketa ankayatsa ngakhale pokhotera pakhomo pawo, pamene wowaona anali galu yekha. Mawu awo anali amodzi chaka ndi chaka: kuthamanga si kufika.

Matenda a shuga anawapeza nawo atangopitirira zaka makumi anayi. Ena akauzidwa zimenezi amalira, ena amakana, ena amathamangira kwa asing'anga. Abuleki anangofunsa kuti malamulo ake ndi otani, n'kuwatsata ngati zikwangwani za pamsewu. Anayamba ndi mapiritsi, ndipo patapita zaka anawasinthira ku jakisoni wa insulini. Kabotolo kake kankakhala m'firiji, pakona yakeyake, ndipo wokasuntha ankaona zakuda. M'mawa ankadzibaya n'kudya, madzulo chimodzimodzi. Kamakina koyezera shuga ankakatulutsa Lolemba lililonse m'mawa, chifukwa ndi mmene anagwirizanirana ndi anamwino kalekale, shuga wawo atakhazikika.

Kamodzi kokha ndi pamene anaphonya. Anadzibaya, n'kuthamangira wophunzira asanadye. Ali pakati pa msewu waukulu anayamba kunjenjemera, thukuta lili chuchuchu, maso akuchita mdima. Shuga anali atatsika kwambiri. Chinawapulumutsa ndi maswiti amene wophunzirayo anali nawo m'chikwama. Kuyambira tsiku limenelo anadziikira lamulo lina lawolawo, limene palibe dokotala anawapatsa: ngati sakudya, sabaya.

Koma chimene ankanyadira kuposa zonse linali tsiku la kuchipatala. Tsiku limene namwino walemba pakhadi, Abuleki ankakhala ali pabenchi chitseko chisanatsegulidwe, malaya osita, nsapato zopolisha. Sanachedwepo, komanso sanafulumirepo. Namwino wamkulu wa pakiliniki ya shuga, mayi wamfupi wa mawu aakulu, ankawaloza pamaso pa odwala atsopano n'kunena kuti, "Mukufuna kukhala ndi moyo wautali? Tengerani bambo awa. Sungani tsiku lanu." Abuleki ankayang'ana pansi ngati akuchita manyazi, koma tisanamizane, mumtima ankavina. Anthu obwera tsiku losakhala lawo ankawaona ngati madalaivala olowerera pamzere wa galimoto. Ankati amenewo ndi amene amatopetsa madokotala.

Akazi awo, amene anthu ankawatchula kuti Atela chifukwa cha makina osokera amene ankalira pakhonde tsiku lonse, anali osiyana nawo ngati dzuwa ndi mvula. Atela anabadwa ndi mphumu. Anali ndi timipope tiwiri topopera mankhwala m'kamwa: kena ka tsiku ndi tsiku koteteza, kena kothandiza chifuwa chikabanika. Munthu amene anabanikapo mpaka kulephera kuitana mnzake salemekeza kalendala. Atela chifuwa chikangoyamba kulira likhweru ankavundikira makina n'kunyamuka.

M'nyumbamo munalinso Mzime, mchemwali wawo wa Abuleki, wotsiriza kubadwa. Makolo awo atamwalira, Abuleki ndi amene anamulera. Anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, ndipo anyamata oyamba kumuimbira likhweru anawathamangitsa ndi chitsulo chomasulira matayala. Mzime atakula anapita kutauni ina kukagwira ntchito yoluka tsitsi. Chaka china anabwerako ndi kachikwama kamodzi, diresi likumukhwepa, mafupa a m'munsi mwa khosi ali poyera. Anakhala pampando wa pabalaza n'kuwauza achimwene ake kuti wapezeka ndi kachilombo ka HIV.

Abuleki sanakalipe, sanafunsenso kuti wakatenga kwa ndani. Anangoti, "Ndiye akupatsa tsiku liti?"

Madzulo ake ndi pamene analankhula zenizeni, kwa akazi awo okha. Abuleki anali ataika kale m'manda mng'ono wawo, zaka zija mankhwala kunalibe, ndipo chisoni chake chinali chisanawachoke. "Mayi," anatero, "uyu yekha ayi. Uyu ndi amene adzandiike ine."

Kuyambira pamenepo moyo wa Mzime anautenga ngati galimoto ya wophunzira, phazi lawo lili pabuleki. Anamuperekeza kukayamba ma ARV. Dokotala ananena kuti chitetezo cha m'thupi mwake chinali chitatsika kwambiri chifukwa anachedwa kuyezetsa, ndipo chidzatenga miyezi kuti chikwere. Abuleki anamva zonse ndipo anasunga zonse. Nthawi ya mankhwala ikakwana ankagogoda pachitseko chake, kapu ya madzi ili m'manja. Ankamuuza mobwerezabwereza kuti chinsinsi cha matenda a mgonagona n'chimodzi: imwa mankhwala, sunga tsiku lako, usamavutitse achipatala ndi tizinthu. Ndipo zinkayenda. Masaya anayamba kubwerera. Mzime anayamba kuluka ana a m'nyumba zoyandikana pansi pa mtengo wa pakhomo, akuseka mokweza ngati kale.

Kenako inafika nyengo yozizira ya mvula yowaza, ndipo tauni yonse inayamba kuyetsemula. Wophunzira wina, mnyamata wa kubanki, anabwera maso ali psuu, akutsokomola. Abuleki anamuuza kuti apite akagone, koma iye anachonderera kuti mayeso ayandikira. Anazungulira naye ola lathunthu, mawindo ali otseka chifukwa cha mvula. M'kagalimoto kotero mpweya umene watulutsa mnzako ndi womwewo umapuma iwe.

Sichinali chimfine chija cha mamina chimene munthu amapita nacho kuntchito. Ichi chinali fuluwenza. Chinawagwetsa Abuleki mwadzidzidzi masana, ali bwinobwino m'mawa mwake: thupi kutentha, mutu kuwawa, mafupa onse ngati awapondaponda, ndi chifuwa chouma. Pasanapite nthawi chinagwira Atela, kenako Mzime. Nyumba yonse inangoti zii, makina osokera osalira.

Atela sanadikire. M'mawa mwake anaona kuti kampope kothandiza kaja akukagwira pafupipafupi, ndipo mpumulo wake sukukhalitsa. Anavala juzi, n'kumanga mpango kukamwa ndi kumphuno.

"Mukupita kuti ndi mphepo imeneyi?" anafunsa Abuleki ali m'bulangete.

"Kuchipatala. Dzukani tipitire limodzi, titenge ndi alamuwa."

"Chimfine chomwechi? Mayi, inu chipatala mumachikonda ngati msika. Tsiku langa ndi sabata yamawa, la Mzime ndi sabata yomweyo. Tikafotokozera komweko."

"Chifuwa changa sichidziwa kuwerenga, bambo," anatero Atela, n'kutuluka.

Anabwerako masana, akupuma bwinoko, ndi kathumba ka mankhwala. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kufotokoza zonse mwadongosolo, monga amachitira pouza kasitomala chifukwa chake nsalu yake siyikwana. Anati anawaveka chophimba kumaso chotulutsa nthunzi ya mankhwala mpaka chifuwa chinamasuka. Dokotala anawauza kuti njira za mpweya za munthu wa mphumu zimakhala zosachedwa kutupa, ndiye fuluwenza ikalowamo zimatupiratu n'kupanikizika, ndipo munthu amatha kubanika koopsa ngakhale mphumu yake inali itagona kwa miyezi. Anawapatsa mapiritsi a masiku ochepa ochotsa kutupako, n'kuwauza kuti kampope koteteza asakasiye.

"Ndiye anandifunsa kuti kunyumba kuli ndani," anapitiriza Atela. "Nditatchula za inu ndi alamu, anaika cholembera pansi. Akuti mubwere lero lomwe. Akuti kwa anthu ngati ife atatu chimfine chotere sichidikiridwa. Mankhwala olimbana ndi fuluwenza, akakhalapo, amagwira bwino ntchito m'masiku awiri oyambirira. Komanso akuti kutentha thupi n'kutsokomola sizitanthauza fuluwenza nthawi zonse, pamafunika kuyeza."

"Ndi dokotala uti ameneyo?"

"Wachinyamata uja wa magalasi."

"Basi ndiye. Ana a masiku ano chilichonse amachiona ngati ngozi. Ine ndakhala ndi shuga iye ali kusukulu ya mkaka."

Atela anapita kuchipinda kwa Mzime. Anamupeza atadzipinda, akunjenjemera. "Alamu, tiyeni ndikuperekezeni. Asiyeni achimwene anu ndi makani awo."

Mzime anayang'ana kuchitseko. "Iwo ati bwanji?"

"Ati mudikire tsiku lanu."

"Ndiye ndidikira, alamu. Sindinaphonyepo chimene iwo anena, ndipo taonani mmene ndanenepera."

Apa ndi pamene pamapwetekera mtima. Pakanakhala mphwayi m'nyumbamo, bwenzi tikudziwa woti timukalipire. Koma munalibe waulesi, munalibe wosasamala. Munali munthu wokonda mchemwali wake, ndi mchemwali wokhulupirira achimwene ake, ndipo onse awiri ankaona kuti akuchita chinthu cholondola.

Abuleki nawo anali ndi zawo. Chakudya chinkawanyansa, moti ankangolawa n'kukankha mbale. Ndiye anatsata lamulo lawo lija: sakudya, sabaya. Kabotolo kanakhala m'firiji osakhudzidwa. Kuyeza shuga sanaganizeko, poti Lolemba linali lisanafike, komanso m'mutu mwawo munthu wosadya shuga wake sangakwere. Ludzu litayamba kuwavuta anati ndi kutentha thupi. Maulendo a kuchimbudzi atachuluka anati ndi madzi amene akumwawo. Yankho lililonse anali nalo, monga amakhalira anthu amene anazolowera kukhoza.

Cha kumapeto kwa sabatayo Mzime anaoneka ngati wachira. Anadzuka, anasamba, anachapa ndi tizovala take n'kuyanika. Abuleki anamuonera pawindo, ndipo ngakhale lilime linali louma gwaa, anapeza mphamvu yowaseka akazi awo.

"Mwaona, mayi? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Atela anangoluma ulusi n'kupitiriza kusoka.

Sipanapite nthawi yaitali, kutentha kuja kunabwerera, ndipo kunabwera ndi ukali woposa poyamba. M'mawa wina nthawi ya mankhwala itakwana, Abuleki anadzikoka, anatunga madzi m'kapu n'kukagogoda. Sanamve yankho lija la masiku onse. Atakankha chitseko anapeza Mzime atakhala tsonga pabedi, atatsamira khoma, dzanja lili m'nthiti. Ankapuma mofulumira, mosafika pansi, ndipo akati atsokomole nkhope inkakwinyika ndi ululu. Milomo yake inali itachita kuderako. Koma mapiritsi ake anali atawatulutsa kale, ali m'manja, akudikira madzi.

Anamwa movutikira. Kenako anawayang'ana achimwene ake n'kufunsa, mawu akuduka pakati:

"Achimwene... kodi tsiku lija... latsala patali?"

Abuleki anaphunzitsa anthu ambirimbiri kuona ngozi isanafike, ndipo iyi anaiona bwinobwino. Mwana amene anamulera ankalephera kumaliza chiganizo, ndipo mpweya wochepa umene anali nawo anaugwiritsa ntchito kupempha chilolezo. Mantha anawagwira. Koma tiwapatse ulemu wawo: sanaime n'kuyamba kuteteza mawu awo akale, monga amachitira amuna ambiri.

"Tsiku ndi lero," anatero. "Mayi, mufunditseni. Tikupita."

Anatenga makiyi n'kutuluka. Atakhala pachiwongolero anachita chimene amayamba kuchititsa wophunzira aliyense, kuwerenga nambala ya galimoto ili chapatali. Ya aneba inali itaima kutsidya kwa msewu. Zilembo zinkasambira ngati zili m'madzi. Anatikita maso, koma sizinasinthe, ndipo mutu unkazungulira. Munthu wina akanangoliza injini n'kunena kuti Mulungu aona. Abuleki anatsika, anazungulira, n'kukakhala kumpando wa mphunzitsi.

"Kaitaneni mayi wa mazira," anawauza akazi awo.

Mayi wa mazira ankakhala nyumba yachitatu. Anali wophunzira wawo wakale, amene analephera mayeso kangapo ndipo ankalira m'galimoto momwemo, koma pamapeto pake anapeza laisensi ndipo tsopano ankaperekera mazira m'magolosale ndi kagalimoto kake. Anabwera akupukuta manja. Ataona kuti ayendetsa galimoto yoyera ija, mwini wake ali pambali, anayamba kuzengereza. Koma ataona Mzime akumunyamula, analowa n'kuliza injini.

Anayendetsa bwino, mwachangu koma mosaphwanya lamulo. Atayandikira mphambano yaikulu phazi la Abuleki linanyamuka lokha kupita pachitsulo chosalala chija. Analibweza n'kulipinda pansi pa mpando.

"Pitirizani, mayi," anatero. "Njira ndi yanu."

Kuchipatala palibe anafunsa za tsiku. Namwino wolandira odwala anangoona kapumidwe ka Mzime n'kumudutsitsa pamzere wonse. Anamupanitsa kachipangizo pachala, ndipo ataona nambala yake anaitana anzake. Posakhalitsa anali pabedi, timapaipi ta mpweya wa okosijeni tili m'mphuno, diripi ili pamkono. Dokotala anamumvetsera m'chifuwa, anamujambula, anatenga magazi ndi makhololo kuti ayezenso chifuwa chachikulu. Anali wa magalasi uja.

"Ndi chibayo," anawauza Abuleki ndi akazi awo pakhonde. "Fuluwenza imasupula njira za mpweya, ndiye tizilombo tina timapezerapo mpata n'kulowa m'mapapo. N'chifukwa chake munthu amaoneka ngati wachira kenako n'kudwalanso koposa. Zimagwera aliyense, koma amene chitetezo chake chili chotsika zimamugwera msanga ndiponso mwamphamvu. Mchemwali wanuyu mankhwala akumwa bwino, ndaona, ndipo asasiye. Kungoti wangoyamba kumene, thupi lisanamange mpanda wake. Tamuyambitsa mankhwala a chibayo."

"Achira?" anafunsa Abuleki.

"Mwafika nthawi yoti tingathe kumenya nkhondo. Mukanabwera poyamba paja mwina sakanagona n'komwe muno. Mukanadikira sabata yamawa, sindikudziwa kuti tikanakambirana zotani." Kenako anawayang'anitsitsa. "Nanga inu, bambo, mwadzibaya liti komaliza?"

Abuleki anatsegula pakamwa kuti afotokoze lamulo lawo, koma miyendo inawakana. Anapezeka atakhala pansi, msana uli kukhoma.

Anawagoneka kuwodi ya amuna, diripi ikutsika. Shuga wawo anali atakwera kufika pamene sanafikepo chiyambire, thupi litauma madzi. Anawabwezera madzi, n'kumawapatsa insulini pang'onopang'ono, akuwayeza pafupipafupi. Tsiku lotsatira mutu utayamba kuyera, anamva mawu aakulu odziwika akuchokera kukhomo. Namwino wamkulu wa pakiliniki ya shuga anali atamva.

"Chitsanzo changa chagona apa?" anatero, manja ali m'chiuno. "Bambo, mwandichititsa manyazi."

"Sindinkadya, mayi. Ndikanabaya bwanji? Paja ndinatsala pang'ono kufa nazo."

Namwinoyo anakoka mpando. Anawauza kuti thupi likamalimbana ndi matenda limatulutsa lokha shuga wambiri m'magazi, munthu adye kapena asadye, ndipo insulini imavutika kugwira ntchito. Ndiye nthawi yodwala ndi imene munthu amaifuna kwambiri. Mlingo ukhoza kusintha, inde, koma kusiyiratu ayi. Pamafunika kuyeza kangapo pa tsiku, kumwa madzi ambiri, kulowetsa m'mimba kanthu kopepuka, ndi kufunsa achipatala msanga. Anati ngakhale a mapiritsi ali ndi malangizo awo, chifukwa ena mwa mapiritsiwo amaimitsidwa kaye munthu akamasanza kapena akauma madzi, ndipo zimenezo si zoganiza wekha uli m'bulangete. Shuga akakwera, thupi limalepheranso kulimbana ndi matenda omwewo, ndiye zimangothamangitsana.

"Koma munkati tisunge tsiku," anatero Abuleki, ngati mwana wodandaula kwa aphunzitsi.

"Ndinkatero, ndipo ndidzateronso. Koma tsiku timalemba lija ndi la munthu amene ali bwino. Wodwala tsiku lake ndi limene wadwalalo. Mwina nanenso ndimanena mbali imodzi yokha. Mukatuluka mudzabwere pabenchi paja, mudzawauze anzanu mbali inayi. Akakumverani inu kuposa ine. Mudzafunsenso za katemera wa fuluwenza nyengo yozizira isanafike, nonse atatu."

Abuleki anavomera. Si munthu wokana lamulo likamveka bwino, ndipo mpaka lero odwala atsopano pakiliniki ija amamva nkhani ya mphunzitsi wa galimoto amene anapita kuchipatala atakhala kumpando wa pambali. Amaifotokoza okha, ndipo amayamba ndi kudziseka.

Koma tsiku limenelo mtima wawo sunali pabenchi. Atangowachotsa diripi anapempha kuti akaone mchemwali wawo. Anawaveka chophimba pakamwa, ndipo anayenda pang'onopang'ono m'khonde lalitali, atavala patapata wa akazi awo, munthu amene sanatulukepo panja nsapato zosapolisha.

Mzime anali atatsamira mapilo. Timapaipi tinali tikadali m'mphuno, koma kutentha kunali kutatsika ndipo ankapuma mofika pansi. Zotsatira za chifuwa chachikulu zinali zitabwera, analibe. Atela anali pambali akumupesa tsitsi, akudandaula kuti woluka anzake sangagone ndi mutu wotero. Ataona amuna awo anaimirira n'kunena kuti akukatunga madzi, ngakhale botolo linali lodzadza.

Abuleki anakhala pampando. Anakonza bulangete limene linali lokonzeka kale.

"Ukupeza bwanji?"

"Ndiliko bwino, achimwene. Ndamva kuti inunso munagwa."

"Sindinagwe. Ndinakhala pansi mofulumira."

Mzime anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo anadikira kuti chidutse. Kenako anayang'ana manja ake.

"Achimwene, ndinene kanthu, musakwiye. Ine ndinkadziwa. Tsiku lomwe lija alamu anabwera kudzanditenga, thupi linkandiuza kuti ichi si chimfine wamba. Ngakhale tsiku ndinachapa lija sindinali bwino. Ndinadzuka kuti inu muone kuti ndikulimba."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Munandilandira osandifunsa kanthu. Ndinkafuna ndikhale wodwala wabwino, woti musachite naye manyazi. Ndinkaopa kukukhumudwitsani kuposa mmene ndinkaopera chifuwacho."

Abuleki anakalipiridwapo ndi apolisi, ndi mabwana, ndi amuna a ophunzira awo, ndipo onsewo anawayankha. Koma apa anangomva chisoni ndi manyazi pamodzi, ndipo misozi inatsikira m'chophimba chija osaipukuta. Anali atatchingira mwanayu njira zonse zimene imfa ikanadzera, osadziwa kuti iwo eni aima pakhomo lotulukira.

Kenako anati, "Tamvera, Mzime. Thupi ndi lako, ndipo umalimva ndiwe. Ukadzamvanso choncho, kaya ndi kutentha, kaya ndi chifuwa, usadzandipemphe. Udzangondiuza uli kale pakhomo."

"Nanga mukadzakana?"

"Udzandisiye ndikukana, iwe uzipita. Ndidzakupeza konko."

Mzime anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati ndi achimwene ake omwe aja. Kenako anatambasula dzanja limene linalibe diripi, ndipo iwo analigwira. Linali lofunda bwino, losatentha.